Mwalipira lendi, nanga lisiti lili kuti?

Achinyamata ambiri amene tikukhala m'nyumba za lendi timakhulupirira kuti tikatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, meseji ikangolowa kuti ndalama yapita, nkhani yathera pomwepo. Ine ndikuti ayi. Meseji ija imachitira umboni chinthu chimodzi chokha: kuti pa tsiku lakuti, ndalama zakuti zinachoka pa nambala yanu kupita pa nambala inayake. Sinena kuti ndalamazo zinali za lendi. Sinena kuti zinali za mwezi uti kapena za nyumba iti, komanso sinena ngati eni nyumba avomera kuti mwamaliza kulipira. Mikangano yambiri ya lendi imabadwira pa zinthu zimene meseji siinenazi. N'chifukwa chake ndikuona kuti aliyense wolipira lendi, kaya pamanja kaya pafoni, azipempha kuti eni nyumba avomereze molemba, mwezi uliwonse, ngakhale akhale a mpingo umodzi.

Kuno ku Dedza nkhaniyi ili ndi kakomedwe kakekake. Nyumba zambiri za lendi pa boma, ku Airfield, ku Katsekaminga, ngakhalenso pa Chimbiya, pa Linthipe, pa Lobi ndi ku Bembeke, sizikhala za makampani okhala ndi ofesi ndi mabuku. Zimakhala za bambo kapena mayi amene anagulitsa kachewere kwa zaka zingapo, n'kumanga zipinda zinayi kapena zisanu kuseri kwa nyumba yawo. Pangano limakhala la pakamwa. Mwaonana, mwagwirizana mtengo, akupatsani kiyi, basi. Eni nyumba ena sakhala pompo: ali ku Lilongwe, ena ku Joni, ndipo ndalama amatolera ndi mwana wawo, mphwawo kapena mlamu wawo. Pangano la pakamwa lotere si lolakwika, ndi pangano ndithu. Vuto lake ndi lakuti mukasemphana, aliyense amakumbukira mbali imene ikumukomera.

Chodabwitsa n'chakuti pa zinthu zing'onozing'ono lisiti timalifuna ndi mtima wonse. Mayi wogulitsa tomato pamsika akalipira msonkho wa khonsolo, kachiphaso kaja amakasunga mpaka madzulo, chifukwa akudziwa kuti wotolera wina akhoza kubwera. Tikalipira fizi kubanki, kapepala timakapinda bwinobwino mpaka tikakapereke kusukulu. Tikagula mayunitsi a ESCOM, sitifufuta meseji tisanalowetse manambala. Koma lendi, imene kwa ambiri a ife ndi ndalama yaikulu kuposa ina iliyonse imene timatulutsa pa mwezi, timangoipereka n'kuwomba m'manja kuti zikomo. Bwanji?

Miyezi isanu ndi umodzi ya mphunzitsi wina

Kuti tione pomwe zinthu zimasokonekera, tiyeni tiyerekeze. Mtsikana wangoyamba kumene uphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku Bembeke. Wapeza nyumba ya chipinda ndi balaza pa K40,000 pa mwezi, ndipo walowa pa 1 Januwale. Eni nyumba ndi bambo achikulire, olima kachewere, munthu wabwino ndithu, wosafuna kubera aliyense.

Mu Januwale mtsikanayu anapereka K40,000 pamanja kwa bambowo, ndipo palibe chimene chinalembedwa. Mu Febuluwale anatumiza K40,000 kuchokera pa foni yake kupita pa nambala yawo. Mu Malichi anali ndi ndalama m'manja koma pafoni panalibe kanthu, ndiye anapita kwa ejenti n'kumupatsa K40,000 kuti aike mwachindunji pa nambala ya eni nyumba, pofuna kupewa ndalama yotumizira. Mu Epulo bambo aja anali kumaliro ku Mtakataka, ndiye anapereka K40,000 kwa mwana wawo wamwamuna amene amakhala pakhomopo. Mu Meyi, poona kuti chisanu cha Juni chayandikira ndipo chitseko chikulowetsa mphepo, anauza bambowo kuti akonzetsa chitseko ndi zenera. Iwo anati, "Konzetsani mwanawanga, palibe vuto." Iye anaonongapo K15,000, ndipo mwezi umenewo anatumiza K25,000 yokha. Mu Juni anatumiza K46,000 pa foni: K40,000 ya lendi ndi K6,000 ya gawo lake la bilu ya madzi, poti mpopi ndi umodzi pa anthu onse.

M'mutu mwa mtsikanayu, lendi ya miyezi isanu ndi umodzi, yomwe ndi K240,000, yalipidwa yonse. Tsono mu Julayi wapeza nyumba ina kufupi ndi sukulu ndipo akufuna kusamuka. Bambo aja akhala pansi ndi foni yawo kuwerengetsera. Ya Januwale akuikumbukira. Ya Febuluwale akuiona, dzina lake likuoneka. Ya Malichi sakuiona, chifukwa meseji imene inalowa inali yochokera kwa ejenti, yopanda dzina la mtsikanayu, ndipo mwezi womwewo ogula kachewere angapo anawaikiranso ndalama kudzera kwa maejenti. Ya Epulo mwana wawo akuti sakukumbukira bwino. Za chitseko akuti anavomera kuti chikonzedwe, koma sananene kuti ndalamayo ichotsedwe pa lendi. Pa kuwerengera kwawo alandira K145,000, ndipo mtsikanayu ali ndi ngongole ya K95,000. Akuti katundu satuluka kufikira ndalamayo itaperekedwa.

Tsopano taonani zimene mtsikanayu ali nazo m'manja. Pa foni yake pali mameseji atatu okha: K40,000, K25,000 ndi K46,000. Zonse pamodzi ndi K111,000, pomwe K6,000 mwa izo si ya lendi n'komwe. Munthu amene walipira mokhulupirika miyezi yonse akutha kuonetsa ndalama zosakwana theka la zimene anapereka. Ndipo palibe amene wanama dala pa nkhaniyi, kupatula mwina mnyamata uja. Bambowo akunena zimene foni yawo ikuwaonetsa, mtsikanayunso akunena zimene akukumbukira.

Nkhaniyi itafika kwa amfumu kapena ku khothi la majisitireti pa boma, mtsikanayu akhoza kufotokoza, ndipo mawu a pakamwa nawo ndi umboni. Koma mfundo imene makhothi amatsata pa nkhani za ngongole ndi yakuti, ngati palibe akutsutsa kuti lendi inkayenera kulipidwa, amene akunena kuti ndinalipira ndiye ayenera kuonetsa kuti analipiradi. Katundu wa umboni ali pa mutu wa wolipira. Ya Malichi mwina angaipulumutse ngati ejenti uja analemba m'buku lake ndipo bukulo likadalipo. Ya Epulo ndi mawu ake kulimbana ndi mawu a mwana wa eni nyumba, pakhomo pa eni nyumba. Ya chitseko ndiye yovuta kwambiri, chifukwa ngakhale kalipentala atabwera kudzachitira umboni kuti anakonzadi, iye sangadziwe zimene awiriwa anapangana.

Pali chinanso chimene ambiri sitichidziwa. Pa malamulo a mapangano amene dziko lino linatengera ku Mangalande, munthu amene ali ndi ngongole zingapo kwa munthu mmodzi ali ndi ufulu wonena, pa nthawi yolipira, kuti ndalama iyi ndi ya ngongole yakuti. Akapanda kunena, ufuluwo umapita kwa wolandira. Choncho mukangotumiza ndalama osatchula mwezi, eni nyumba akhoza kunena kuti imene munatumiza mu Meyi anaiwerengera ku Malichi, ya mu Juni n'kuiwerengera ku Epulo, ndipo inu n'kuoneka ngati munthu wotsalira m'mbuyo nthawi zonse. Mawu awiri okha, "ya Meyi", amatseka mpata umenewu.

Meseji ili ndi mphamvu, koma ili ndi malire

Ndisamveke ngati ndikunyoza meseji. Chiyambire 2016 dziko lino lili ndi lamulo loona zochitika pa makina a intaneti ndi mafoni, ndipo lamuloli limavomereza kuti uthenga wa pa makina ukhoza kukhala umboni. Sungakanidwe pa chifukwa chongoti suli pa pepala. Komanso popeza manambala a foni amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, nambala iliyonse ili ndi mwini wake wodziwika. Apa ndiye kuti amene watumiza lendi kuchokera pa foni yake ali pabwino kuposa amene wapereka pamanja popanda mboni.

Koma mphamvu imeneyi imagwira ntchito ngati zinthu ziwiri zili m'malo. Choyamba, ndalama ichoke pa nambala ya dzina lanu. Mukapatsa ejenti kuti aike mwachindunji pa nambala ya eni nyumba, meseji imapita kwa ejenti ndi kwa eni nyumba, inu mumabwerera chimanjamanja. Ndi bwino kuika ndalamayo pa nambala yanu kaye, kenako n'kutumiza nokha. Zoona, mulipira kangachepe ka kutumizira, koma mwagula umboni wokhala ndi dzina lanu. Chimodzimodzinso mukabwereka foni ya mnzanu kapena ya chibwenzi: umboniwo uli m'thumba la munthu wina, ndipo chibwenzi chimatha.

Chachiwiri, ndalama ipite pa nambala imene eni nyumba anavomereza. Nthawi zambiri mumamva kuti, "Tumizani pa nambala ya mayi akunyumba," kapena, "Ya ine yadzadza, tumizani kwa mwana wangayu." Musanatsimikize ndi nambala yanu yachinsinsi, werengani dzina limene foni ikukuonetsani. Ngati si la eni nyumba, apempheni akulembereni meseji kuchokera pa nambala yawo yodziwika kuti lendi itumizidwe pa nambala yakutiyakuti ya uje. Popanda zimenezi, meseji yanu ikungoonetsa kuti munapatsa ndalama munthu wina amene simunapangane naye chilichonse. Izi zimakutetezaninso kwa akuba aja amene amalemba kuti nambala yanga yasintha, tumizani apa. Meseji yotere ikabwera kuchokera pa nambala yachilendo, imbani kaye pa nambala yakale, kapena kagogodeni pakhomo.

Ngakhale zonsezi zili bwino, funso loti ndalamayo inali ya chiyani limatsalabe. Pakhomo pamene mukukhala ndi eni nyumba, ndalama zimayenda zambiri: ya madzi, ya mayunitsi, ya thumba la kachewere limene munatenga pa ngongole, ya chipepeso pa maliro. K46,000 ija, ndani angadziwe pakatha chaka kuti K6,000 inali ya madzi? Mtsikanayu atafuna akhoza kunena kuti inali yotsogoza ya Julayi, bambowo atafuna akhoza kunena kuti K16,000 inali ya madzi ndi magetsi. Meseji siyankha.

Chimene chiyenera kulembedwa

Lisiti la lendi silifuna chidindo, silifuna loya, silifunanso buku losindikizidwa. Limangofunika kuyankha mafunso amene angadzafunsidwe pa mkangano: ndani walipira, ndani walandira, ndalama zingati, za mwezi uti, za nyumba iti, tsiku liti, ndipo kwatsala zingati. La kwatsala zingatili ndi limene ambiri amaliiwala, chonsecho ndi limene limapha mlandu. Ngati lisiti la Juni likunena kuti palibe chotsala, ndiye kuti mkangano wa Malichi ndi Epulo wafera pomwepo, ngakhale mapepala a miyezi imeneyo atatayika.

Kwa olipira pafoni, njira yosavuta ndi iyi. Mukangotumiza, lembani meseji kapena uthenga wa pa WhatsApp kwa eni nyumba, wonena motere: "Bambo, ndatumiza K46,000 lero pa 3 Juni pa nambala yanu. K40,000 ndi lendi ya Juni ya nyumba yachitatu, K6,000 ndi ya madzi. Palibe chotsala. Chonde ndiyankheni kuti mwalandira." Pansi pake koperani nambala yaitali ija ya zilembo ndi manambala imene imabwera mu meseji ya kampani, chifukwa ndi imene a kampani amafufuzira zinthu zikavuta. Iwo akangoyankha kuti "Ndalandira," lisiti lanu lakwana, chifukwa avomereza zonse zimene mwalemba pamwamba. Akapanda kuyankha, akumbutseni mawa lake. Uthenga wosayankhidwa umathandizabe, poti ukuonetsa kuti munatchula mwezi pa tsiku lolipira, koma sufanana ndi woyankhidwa.

Kwa olipira pamanja, gulani kope la kusukulu. Tsamba loyamba lembanipo pangano lonse: tsiku lolowa, mtengo wa lendi, tsiku lolipira, ngati mumalipira motsogoza kapena mwezi ukatha, ndalama ya chikole ngati munapereka, ndi mayina a anthu amene eni nyumba awalola kulandira ndalama iwo kulibe. Nonse awiri musaine. Kenako mwezi uliwonse ndi mzere umodzi: tsiku, ndalama, mwezi wake, chotsala, ndi saini ya amene walandira. Mu Epulo muja, mnyamata uja akanalemba dzina lake m'kope, nkhani ikanakhala ya iye ndi bambo ake, osati ya mphunzitsi. Ndipo ngati dzina la munthu silili pa tsamba loyamba lija, musamupatse ndalama musanaimbire eni nyumba.

Za motsogoza kapena mwezi ukatha musazione mopepuka. Anthu awiri akhoza kukhala zaka zitatu mwamtendere, wina akuganiza kuti ndalama ya pa 30 ndi ya mwezi umene ukubwera, winayo akuganiza kuti ndi ya mwezi umene watha. Kusiyana kwake kumaonekera tsiku losamuka, ndipo ndi lendi ya mwezi wathunthu.

Za kukonza nyumba nazo zilembedwe ntchito isanayambe, osati itatha. Mawu oti "konzetsani" ndi chilolezo chabe, si lonjezo lobweza ndalama. Lembani kuti, "Tagwirizana kuti ndikonzetsa chitseko ndi zenera pa K15,000, ndipo ndalamayi ichotsedwa pa lendi ya Meyi." Akasaina kapena kuyankha kuti eya, itanani kalipentala. Chimodzimodzi ndi ndalama yotapira. Eni nyumba ena amayembekeza kuti muonjezerapo ya kwa ejenti kuti iwo atape K40,000 yathunthu, ndipo mukapanda kutero amaiwerengera mumtima mwezi ndi mwezi. Gwirizanani kamodzi kuti yotapira ndi ya ndani, zilembedwe.

Lendi ikakwera, mtengo watsopano ndi mwezi woyambira zilembedwenso. Tonse tikukumbukira kuti kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inasinthiratu, ndipo lendi siinatsalire. Kukweza kolengezedwa pakamwa, pa mpopi m'mamawa, kumabala funso lakuti kodi anati kuyambira mwezi uno kapena wa mawa.

"Ndiye kuti simukundikhulupirira?"

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni. Ambiri tikudziwa kuti lisiti n'lofunika, koma timachita manyazi. Kupempha munthu wamkulu, wa msinkhu wa bambo ako, amene wakulandira pakhomo pake ndipo mwina amakugawira ndiwo za m'dimba, kuti asaine papepala, kumaoneka ngati mwano. Nkhawa imeneyi ndimaimvetsa, ndipo sindikuti tiiponde. Nyumba zabwino n'zosowa, ndipo munthu wodziwika kuti ndi wovuta amauzidwa kuti nyumbayi tikufuna kuikonza, pezani kwina.

Yankho langa ndi lakuti nthawi ndi kalankhulidwe ndi zimene zimasiyanitsa ulemu ndi mwano. Kope likabwera tsiku lolowa m'nyumba, limaoneka ngati khalidwe lanu chabe. Likabwera patatha miyezi isanu ndi itatu, mutangosemphana mawu za bilu ya madzi, limaoneka ngati mukukonzekera mlandu. Ndipo pempho likhale lokhudza inu, osati iwo: "Mayi, ine ndimasunga kope la ndalama zanga zonse. Ndimapempha kuti ndikamapereka lendi muzingondisainira apa, kuti tonse tisamavutike kukumbukira." Ngati mwakhalamo kale nthawi yaitali, yambani ndi mwezi watsopano kapena chaka chatsopano, ndipo mzere woyamba unene kuti kufika lero palibe chotsala. Musadikire kuti eni nyumba agule buku la malisiti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kope ndi cholembera bweretsani ndinu.

Ena adzati eni nyumba satha kulemba. M'midzi ndi m'misika yathu achikulire otere alipo, ndipo si chifukwa chowachititsa manyazi. Lembani inu, muwawerengere mokweza pali mwana wawo kapena mnansi wina amene iwo amamukhulupirira, iwo adinde chala, mboniyo isaine. Ngati ali ndi foni ya WhatsApp, uthenga wa mawu wonena kuti ndalandira K40,000 ya Juni nawo ndi chivomerezo. Chofunika n'chakuti mboni isakhale ya mbali yanu yokha.

Enanso amakana chifukwa choopa kuti pepala lidzafika ku MRA. N'zoona kuti ndalama za lendi ndi phindu limene malamulo a msonkho amaliwerengera. Koma nkhani ya msonkho ndi ya pakati pa eni nyumba ndi boma, ndipo si chilungamo kuti wolipira lendi akhale wopanda umboni pofuna kuphimba mnzake. Komanso amene amalandira lendi pafoni ndiye kuti ndalamazo zikulembedwa kale kwinakwake, kope lilipo kapena palibe. Ine munthu akakanitsitsa kusaina, kuyankha meseji, ngakhale kulandira ndalama pali mboni, ndimaona kuti wandiuza kale mmene tsiku losamuka lidzakhalire. Pamenepo lipirani pafoni yanu pokha, kutchula mwezi nthawi iliyonse, uku mukuyang'ana nyumba ina.

Eni nyumba nawonso apindula

A landilodi amene mukuwerenga, kapena ana awo amene mumawagwirira foni, kope limeneli ndi lanunso. M'chitsanzo chija bambo aja akanadziwa tsiku lomwelo kuti mwana wawo walandira K40,000. Mukakhala ndi zipinda zisanu, wina akulipira pa 28, wina pa 5, wina theka lero theka sabata ya mawa, palibe mutu umene ungasunge zonsezo chaka chathunthu. Ndipo tsiku limene wina adzakhaledi ndi ngongole, mzere umene iye mwini anasaina wonena kuti kwatsala K20,000 ndi umboni wamphamvu kuposa kukuwa kapena kuzula chitseko, zimene zikhoza kukusandutsani inuyo wolakwa.

Palinso akamberembere pakati pa ife olipira. Chithunzi cha meseji chikhoza kukonzedwa, ndipo meseji yakale ikhoza kusinthidwa tsiku n'kutumizidwanso. Musanayankhe kuti ndalandira, onani ngati meseji yachokeradi ku kampani osati pa nambala ya munthu, ndipo onani ndalama zimene zili mu akaunti yanu, pa *211# kwa a Airtel Money kapena *444# kwa a Mpamba. Chizolowezi choyankha mwezi uliwonse chimakukakamizani kuona tsiku lomwelo, osati patatha miyezi itatu.

Ndiye pali imfa, imene sitikonda kuitchula. Pangano la pakamwa limakhala m'mitu iwiri, ndipo mutu umodzi ukagona, latsala theka. Kwathu kuno mwini nyumba akamwalira, pamabwera ana, akazi awo, ndi a kuchimuna kapena eni mbumba, aliyense ndi maganizo ake pa nyumbazo. Wina adzakufunsani kuti munalipira mpaka liti, winanso adzakuuzani kuti kuyambira lero muzipereka kwa ine. Ngati munatsogoza miyezi itatu kwa malemuwo, ndi kope lokha limene lingakulankhulireni. Likutetezanso ana amasiye, chifukwa likuonetsa amene wakhala akutolera ndalama chimwalirire bambo awo. Pa nthawi yotere musapereke lendi kwa aliyense amene wafika ndi mawu okweza. Pemphani kuti banja likuuzeni molemba amene lamusankha.

Kusunga

Lisiti lotayika n'chimodzimodzi ndi losalembedwa. Mafoni amabedwa m'minibasi, amagwera m'madzi, ndipo tikadzadzidwa timafufuta mameseji mazanamazana osawerenga. Mapepala nawo kuno kumapiri, ndi nkhungu ndi chinyezi chathuchi, amachita nguwi n'kufufutika inki. Choncho mwezi uliwonse jambulani meseji ya kampani pamodzi ndi yankho la eni nyumba, kapena tsamba la kope lija, n'kutumiza chithunzicho ku imelo yanu kapena kwa m'bale wanu mmodzi. Kope lizikhala mu pepala la pulasitiki, ndipo likhale kwa inu. Eni nyumba akafuna, akhale ndi lawo lofanana. Foni ikatayika musanajambule, pitani ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso chanu mukapemphe ndondomeko ya ndalama zimene zinatuluka pa nambala yanu. Idzakuonetsani masiku ndi ndalama, koma kumbukirani kuti mwezi umene munkalipirira sudzaonekamo.

Musataye kope tsiku losamuka. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo lamulo la dziko lino limapereka zaka zisanu ndi chimodzi kuti munthu akasume pa nkhani ya pangano. Tsiku lobweza kiyi, yendani m'nyumbamo limodzi ndi eni ake, mujambule zipinda, muwerenge mita ya madzi, ndipo mzere womaliza m'kope unene kuti kiyi wabwezedwa, palibe ngongole ya lendi, ya madzi kapena ya magetsi, ndipo chikole chabwezedwa kapena chidzabwezedwa pa tsiku lakuti.

Mwezi uno ukamatha, musanatseke foni mutatumiza lendi, lembani mizere itatu ija: ndalama zingati, za mwezi uti, kwatsala zingati. Kenako dikirani mawu amodzi okha kuchokera kwa eni nyumba, oti "Ndalandira."